Theka la Kumanzere

A Weston Kampanje anabwerera ku ntchito Lolemba, atakhala kunyumba nyengo yonse ya mvula chifukwa cha sitiroko. Koleji yomwe ankaphunzitsa inali yaing'ono, ya munthu wabizinezi, kuseri kwa malo ogulitsira matabwa ku Area 25. Ophunzira ambiri anali anthu a zamagetsi ochokera m'mafakitale a ku Kanengo, ofuna dipuloma kuti akwezedwe.

Pauline ndiye ankaphunzitsa kalasi yawo nthawi yonse imene iwo ankadwala. Masamu onse amene ankadziwa anawaphunzira kwa a Kampanje omwewo, ndipo ndi iwo anamulankhulira kuti alembedwe ntchito pakolejipo. Atawaona akulowa pageti, anathamanga kukawalandira chikwama.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

"Ndine bwinobwino, Pauline. Mwendo wabwerera, dzanja labwerera. Adokotala akungokokomeza."

Ankayendadi bwino, ankalankhulanso momveka. Koma polowa mu ofesi anagunda chitseko ndi phewa lamanzere, ndipo ndevu za tsaya lamanzere zinali zosameta bwino. Akazi awo, mayi Salama, amene anawaperekeza, anamukokera Pauline pambali.

"Mwanawe, uwayang'anire. Ntchito imeneyi ndi yomwe tikudalira. Ukaona kanthu, undiuze ineyo, osati abwana."

Pauline anavomera, osafunsa kuti kanthu kake kotani.

A Amosi, mkulu wa koleji, sankadziwa masamu, anaphunzira za malonda. Ananena kuti akhala nawo m'kalasi yoyamba kuti aone ngati a Kampanje achiradi, ndipo anauza Pauline kuti akhale pambali pawo. Mayeso anali pafupi, ndipo phunziro lotsala linali la mndandanda wa Fourier.

Pauline anali atajambula kale girafu pabolodi. Linali funde la ngodya, lofanana ndi magetsi otuluka mu inveta yotchipa: kuchokera pa −π mpaka pa 0 mzere unali pansi, pa −1, pa 0 unalumpha n'kukhala pa +1 mpaka pa π, kenako n'kumabwereza chomwecho.

A Kampanje anatenga choko, ndipo mawu awo anabwerera monga kale.

"Funde ili lili ndi ngodya zakuthwa, koma tingalimange pophatikiza mafunde osalala a sin ndi cos. Ntchito yathu lero ndi kupeza kuti funde lililonse tithirepo lochuluka bwanji. Manambala amenewo ndiwo makoefishenti. Tiyambe ndi avereji."

Anayang'ana girafu, nalemba intigiro, njira yophatikizira funde lonse, kuchokera pa 0 mpaka pa π, nagawa ndi 2π. Anapeza ½.

Pauline anaweramira kutsogolo. Avereji ya funde limenelo ndi 0, chifukwa gawo lapamwamba ndi lapansi zimafafanizana. Anaganiza kuti mwina ndi msampha, popeza a Kampanje ankakonda kulakwitsa dala kuti aone amene ali maso. Anadikira.

A Kampanje sanabwerere m'mbuyo. Anasonyeza kuti makoefishenti a cos onse ndi 0, zomwe zinali zoona. Pofika pa a sin, analembanso intigiro ya sin nx kuchokera pa 0 mpaka pa π, nagawa ndi π. Dzanja linkathamanga, sanaphonye chizindikiro ngakhale chimodzi.

"Tapeza (1 − cos nπ)/(nπ). Ngati n ndi 2, 4, 6, cos nπ ndi 1, ndiye zonse zikufa. Ngati n ndi 1, 3, 5, cos nπ ndi −1, tikupeza 2/(nπ)."

Ophunzira onse ankakopera. Apa Pauline anazindikira chimene chinkachitika. Masamu anali olondola, koma anali a funde lina, loyenda pakati pa 0 ndi 1. Chilichonse cha kumanzere kwa 0 a Kampanje sanachiwerengere. Pauline anayang'ana pabolodi: zolemba zawo zonse zinali zitaunjikana kumanja, theka lina la bolodi lili mbee.

"Tsopano lamulo langa mukulidziwa," anatero a Kampanje. "Osakhulupirira yankho musanalifunse girafu. Titenge x = π/2. Girafu ikuti 1."

Anaphatikiza: ½ ndi 0.637 zinapereka 1.137, kuchotsa 0.212, 0.924, kuwonjezera 0.127, 1.052. Manambala ankadumpha uku ndi uku koma akuyandikira 1.

"Mwaona? Zagwirizana."

A Amosi anagwedeza mutu mokondwa, nanong'oneza Pauline, "Mdala uyu ndi katakwe. Palibe vuto, eti?"

Pauline akanangoti eya, a Amosi akanatuluka, nkhani n'kuthera pomwepo. Anaganiza zodzakonza cholakwikacho yekha tsiku lina, mwakachetechete. Koma kalasiyo sinali yakenso, ndipo maphunziro otsatira onse anali a magirafu. Lachitatu a Kampanje anayeneranso kutenga anthu omwewa ku wekishopu, kumene kuli mawaya amoyo mbali zonse ziwiri za benchi. Pauline anayang'ana anthu akuluakulu amene ankakopera 2/(nπ) mosamala, ena akadali m'maovolosi.

Anakweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"Aphunzitsi, tingayesenso pa x = −π/2?"

"Funso labwino! Malo amodzi sakwanira."

Anatembenuza zizindikiro: ½ kuchotsa 0.637, −0.137, kenako 0.076, kenako −0.052.

"Zikupita ku 0. Ndipo girafu ikuti..." Anayang'ana pabolodi. "Pauline, girafu yako yayambira pa 0. Sunajambule mbali inayo."

Luntha, mayi wokonza mamota amene ankakhala kutsogolo, analoza ndi cholembera.

"Ilipo, aphunzitsi. Apo. Ili pa −1."

"Pati?"

"Kumanzere kwanuko."

A Kampanje anaseka pang'ono, akuganiza kuti akuwaseweretsa. Anayang'ananso, maso awo n'kuima pa mzere wa pakati ngati pali khoma. Pauline anadzuka, nawagwira mkono, nayenda nawo pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa bolodi, kotero kuti girafu yonse inakhala kudzanja lawo lamanja. Anaika chala chawo pa mzere wa −1.

A Kampanje anaima nthawi yaitali chala chili pomwepo. Choko chinagwa, osachitola.

"Unajambula liti zimenezi?"

"M'mawa, musanalowe."

"Zinalipo nthawi yonseyi?"

"Eya, aphunzitsi."

Anapuma mwamphamvu, natembenukira kwa ophunzira.

"Fafanizani zonse. Ndakunamizani. Pauline, ima kuno, uzindiuza zomwe zili uko."

Anayambiranso, mawu atatsika. Avereji: −1 kwa theka la nthawi, +1 kwa theka linalo, yankho 0. Pa makoefishenti a sin, Pauline anawakumbutsa chigawo cha −π mpaka 0. Kumeneko funde ndi −1, ndipo sin nx nayenso watembenuka chizindikiro, choncho chigawocho chikupereka chimodzimodzi ndi cha kumanja. Yankho linawirikiza kawiri: 4/(nπ) pa n = 1, 3, 5, ndi 0 pa enawo. Anayesa pa π/2: 1.273, 0.849, 1.103, kulowera ku 1. Anayesa pa −π/2: manambala omwewo koma okhala ndi chizindikiro chochotsera, kulowera ku −1. Pa 0, pamene funde limalumpha, mndandanda unapereka 0, pakatikati pa −1 ndi +1.

"Tsopano zagwirizana," anatero, koma sanayang'ane munthu.

A Amosi anali atatuluka kale. Masamu sanawamve, koma anaona bambo akutsogoleredwa pamkono kuti akapeze chinthu chomwe chinali pamaso pake.

Madzulo a tsiku lomwelo anawaitana a Kampanje mu ofesi. Pauline anamva mawu ochepa kudzera pazenera: wekishopu, ngozi, mbiri ya koleji, mupume kaye. Atatuluka a Kampanje, a Amosi anamuitana iyeyo n'kumuuza kuti kalasi ndi yake kuyambira mawa, ndipo kontirakiti yake aikonza. Anamugwira chanza momuyamikira.

A Kampanje atabwerera kuchipatala, adokotala anafotokoza kuti maso alibe vuto. Sitiroko inawononga mbali ya ubongo imene imasamala za kumanzere, ndipo wodwala sadziwa n'komwe kuti pali chomwe chikusowa. Ena amachira, ena ayi. Mayi Salama ankadziwa kuyambira kale. Ankatembenuza mbale pa chakudya kuti amuna awo amalize cha kumanzere, osauza munthu.

Pauline anaimba foni kangapo, koma sinayankhidwe. Mwezi wa Juni anamva kwa Luntha kuti banjalo likusiya nyumba ya lendi, likubwerera kwawo ku Ntcheu. Loweruka anakwera kabaza kupita kumeneko. Anapeza lole yaing'ono itaima pakhomo, matiresi atamangidwa pamwamba pa mipando. Mayi Salama ankakulunga makapu m'nyuzipepala.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Wabwera kudzaona ntchito ya manja ako?"

"Amayi, anthu aja akanalemba zolakwika pa mayeso. Komanso ku wekishopu..."

"Ndinakupempha chinthu chimodzi. Ukanandiuza ineyo. Tikanapeza njira, mwina ukanamakhala nawo m'kalasi, mwina akanachira. Iwe unasankha pamaso pa abwana. Ndipo mpando wakhalapo ndani lero?"

Funso limenelo Pauline anali atadzifunsa yekha kambirimbiri, ndipo sankadziwa ngati akanachita mosiyana kalasiyo ikanakhala yopita kwa munthu wina.

A Kampanje anali atakhala kale kutsogolo kwa lole. Anali ataonda. Pauline anazungulira n'kukaima mbali ya dalaivala, kumanja kwawo, kuti amuone.

"Pauline. Mwafika pati ndi anthu anga?"

"Tikujambula mafunde ophatikiza, aphunzitsi. Luntha wafika pa n = 15 pakompyuta."

"Ndiye aona tinyanga pangodya. Pafupi ndi polumpha, mzere umapitirira mpaka cha pa 1.18. Adzaganiza kuti alakwitsa, adzawonjezera mafunde ena. Uwauze kuti tinyangato timangopanikizika kufupi ndi ngodya, koma sititsika. Asataye nthawi."

"Ndiwauza."

"Amayi akowo usawadandaule. Atopa."

Sananene kuti wachita bwino, sananenenso kuti walakwa. Dalaivala anabwera, napempha Pauline kuti apatuke. Mayi Salama anakwera osamuyang'ana, natseka chitseko. Lole inatsika pang'onopang'ono mumsewu wa fumbi kulowera ku M1, ndipo mwininyumba anali atayamba kale kuonetsa zipinda kwa banja lina.