Makatoni a Twaibu

Twaibu atagulitsa injini yake ya boti kuti atsegule okala ku Senga Bay, mkazi wake Asiya anagawa ndalamazo milu inayi pamphasa: wa katundu, wa mashelefu, wa laisensi, ndi wina umene anautsekera m'chitini.

"Iyi ndi ya chenji ndi yokaodera katundu akamatha mwezi woyamba," anatero Asiya. "Mwera ukayamba asodzi sapita panyanja, ndiye ogula kulibe. Mukaikhudza, okala yafa."

Twaibu anavomera ndi mutu wokha. Mashelefu anakapatsa Samueli, mmisiri wokhoma maboti, munthu amene chiyambire sanakhomepo kanthu kakang'ono. Anakhoma mashelefu ofika kudenga, nadya mulu wake wonse ndi theka la mulu wa katundu. Shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira ndi mabatire zimene Twaibu anakaoda kuboma zinangodzaza shelefu imodzi.

Manyazi anamugwira. Iye amene ankauza gombe lonse kuti akutsegula sitolo! Anakatola makatoni opanda kanthu kumaholoselo, nawamata bwinobwino, nawasanja mpaka kudenga. Anthu ankabwera kudzangoona, ena n'kuyamba kumutchula bwana.

Kenaka kunabwera mayi wa ku khonsolo wodula malaisensi. Anayang'ana m'mwamba, nagwedeza mutu mosilira.

"Bambo, mwati okala? Katundu yenseyu ndi golosale yaikulu. Laisensi yake ndi ina, mtengonso ndi wina."

Mayiyo anautchula mtengowo. Mulu wa laisensi sunkafika ngakhale theka; yotsalayo inali m'chitini basi. Pakhomo panali patadzaza asodzi anzake, makutu ali tcheru. Mwamuna wamkulu uja, ndikunena zoona, anatambasula dzanja kulunjika chitini.

Asiya sanakuwe. Anangokhala pachitinipo, nakonza mpango wake, nauza mwamuna wake kuti:

"Bambo a Salome, atsitsireni alendo katoni ya shuga ili pamwambayo, aone katundu wathu."

Twaibu anakwera pampando. Anaikumbatira katoni ija, nabuula ngati wanyamula thumba la simenti, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Akanapitiriza seweroli, koma anaona nkhope ya mkazi wake, nakumbukira kuti injini ina yogulitsa kulibe. Anapumira m'mwamba, naitsitsa katoniyo ndi zala ziwiri.

"Mayi, muli mphepo yokhayokha umu. Onsewa."

Asodzi anaseka mpaka wina anakhala pansi mumchenga. Mayi wa khonsolo anagogoda makatoni angapo, napukuta misozi, nadula laisensi ya okala.

Sabata yotsatira mwera unawomba, maboti anagona pamtunda, ndipo ogula anasowa. Shuga atatha pang'onopang'ono, Asiya anatsegula chitini namutuma mwamuna wake kuboma. Ali panjira asodzi anamukuwira: "Bwana, mutigulireko mphepo ya faifi handiredi!"

Twaibu anangopitiriza ulendo wake. Katoni imene anabwera nayo masana inali yolemera zenizeni, ndipo anadzera dala kugombe kuti onse amuone akutuluka thukuta.