Impso Zokhumudwa

Dr. Beatrice Kalaba, amene anapatsidwa ntchito yoyesa Emmy Chibesa, anawerenga buku lake la kafukufuku Loweruka masana, atakhala pakhonde kwawo ku Kabulonga chifukwa magetsi anali atazima. Emmy anali namwino wa odwala impso ndipo ankamaliza digiri yachiwiri payunivesite ina ku Woodlands. Sukulu ya anamwino ku Chelstone inali itamulonjeza ntchito ya uphunzitsi, bola akhoze chaka chomwecho.

Mutu woyamba unali bwino. M'mutu wachiwiri, wofotokoza zimene ena analemba kale, pensulo ya Dr. Kalaba inayamba kugwira ntchito.

Lolemba, Emmy asanalowe kudzayankha mafunso, iwo anakumana ndi a Mathias Mulubwa, amene ankayang'anira kafukufukuyo.

"Shani, ba Dokota?" anatero a Mulubwa. "Mwaiona nchito ya mwana wanga wa sukulu? Kompyuta yapeza mapelesenti folo chabe yofanana na mabuku yenangu. Malile ni twente."

"Folo yamene iyo ndiye yaniyofya," anayankha Dr. Kalaba. "Munthu atchula mabuku yambili so, osafanana nayo olo pang'ono? Ba Mulubwa, chapita yachiwili munaiwelenga?"

"Ninapitamo."

"Na maso olo na chala?"

Anawatsegulira tsamba. Pamene madokotala onse amalemba kuti *kidney failure*, kutanthauza kuti impso zaleka kugwira ntchito, panalembedwa *kidney disappointment*, ngati kuti impsozo zakhumudwa. Pena panali *constant kidney sickness* m'malo mwa *chronic kidney disease*, koma chidule chotsatira chinali CKD, chilembo chomaliza chosagwirizana ndi mawuwo. Kumapeto, pamndandanda wa mabuku, mayina onse a matenda anali olondola.

Dr. Kalaba anafotokoza mosakweza mawu. Mapulogalamu osintha mawu amachotsa liwu n'kuikapo lina lofanana nalo tanthauzo, kuti pulogalamu yofufuza zokopera isazindikire chiganizo. Sadziwa kuti dzina la matenda silisinthidwa. Zidule amazisiya momwe zilili, ndipo mndandanda wa mabuku anthu sauikamo.

A Mulubwa anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi.

Emmy analowa atavala suti yabuluu. Anafotokoza bwino za odwala ake, ndipo mafunso a ziwerengero anawayankha osayang'ana pepala. Kenaka Dr. Kalaba anamupatsa bukulo.

"Ba Sisita, tiwelengeleni ndime iyi. Mokweza."

Emmy anawerenga mosadodoma. Atafika pamawu aja anati *kidney failure*, n'kupitirira.

"Imani. Bwelezani, manje muike chala pa liwu lililonse."

Emmy anabwereza. Chala chinaima pakati pa mzere. Anayang'anitsitsa tsambalo, kenaka anatembenuza chikuto kuti aone ngati bukulo linali lakedi.

"Aya mau sindine ninalemba, ba Dokota."

"Nakhulupilila. Pakamwa panu yakana kutuluka. Nanga analemba ni ndani?"

Emmy anafotokoza. Poyamba kompyuta inapeza maperesenti oposa malire, ndipo tsiku lopereka bukulo linali litayandikira. Mnzake wa kuntchito anamulozera kashopu kena pafupi ndi City Market, kamene amasindikizako ndi kumanga mabuku. Pakhomo pake panalembedwa kuti amatsitsanso maperesenti. Emmy anasiya fulashi ya kompyuta yokhala ndi kafukufuku wake m'mawa, madzulo anakatenga mabuku atatu omangidwa kale, ndi lipoti latsopano pamwamba.

"Simunaiwelenge futi?"

"Inali yomanga kudala. Na lipoti inali bwino." Anacheukira a Mulubwa. "Ba Sa naonso anasaina."

A Mulubwa anayang'ana kuwindo.

Dr. Kalaba anapempha Emmy kuti adikire panja. A Mulubwa anayamba kumupepesera: mayiyu ntchito amaidziwa, aliyense wamva, angokonza mawuwo sabata ino, dzina lake lilowe pamndandanda wa omaliza maphunziro.

"Nchito aidziwa, sinikana," anatero Dr. Kalaba. "Koma makina aya yamabisa chamene chinali pansi. Kapena anali mau yake, kapena ndime zonse anakopa kwa ena. Ine siningadziwe, na imwe simungadziwe. Abwelese chamene analemba poyamba, komiti iyanganepo."

"Komiti ikumana mndandanda utatsekedwa kudala."

"Nidziwa."

Dr. Kalaba analemba chigamulo chawo, ndipo a Mulubwa anasaina m'munsi.

Atamuitananso, Emmy anamva nkhaniyo ataimirira. Anafunsa ngati panali njira ina yofulumira, ndipo anamuuza kuti panalibe. Anafunsanso ngati angatenge buku limene Dr. Kalaba analembamo ndi pensulo. Anamupatsa.

Panja, pansi pa mtengo wa jakaranda, anaimbira foni mkulu wa sukulu ya ku Chelstone n'kumuuza kuti chaka chino sizitheka. Mkuluyo anapepesa, nati malowo apatsa munthu wina chifukwa makalasi sangadikire. Emmy anathokoza. Anakwera minibasi yopita ku Kabwata, nakhala kumbuyo, n'kutsegula mutu wachiwiri kuyambira tsamba loyamba.