Mapepala Awiri pa Bolodi la Pansi

Make Bwana anaima pa bolodi la zidziwitso, pafupi ndi mabokosi a makalata, mwana ali kumsana. Mwanayo anali wa miyezi isanu, ndipo ankamutcha Bwana chifukwa akatsokomola nyumba yonse inkaimirira. Pa bolodipo panali mapepala awiri atsopano, omatidwa moyandikana. Lina linali ndi zilembo zofiira zikuluzikulu ndi chithunzi cha mphemvu. Linalo linali ndi mabaluni.

M'dziko muno anali atakhalamo miyezi itatu yokha, ndipo chilankhulo chake ankangodziwa moni ndi zikomo. Anatulutsa foni, najambula bolodi lonse ataima chapambali, nauza foniyo kuti imasulire. Mawu achilendo aja anafufutika, pamalo pake panabwera Chichewa, chofiira pofiira, chachikasu pachikasu. Anawerenga: "Chenjezo bweretsani ana anu mankhwala ophera tizilombo kudzakhala masewera musalowe onse ndi olandiridwa."

Anawerenganso. Ana awabweretse kapena asalowe? Masewera a mphemvu?

Anatumiza chithunzicho kwa mwamuna wake, amene ankagwira ntchito yonyamula katundu kunkhokwe. Mwamunayo anaimba pompo, kumbuyo kukumveka magalimoto.

"Iwe make Bwana, zazing'ono izi. Akungopempha kuti tiziyeretsa m'nyumba. Adzapopera mankhwala, nsanjika imodzi tsiku lililonse, kuyambira Lolemba."

"Lolemba ndi lero, bambo a Bwana."

"Ndiye? Ife tili pamwamba penipeni. Munthu amayamba kukwera masitepe kuchokera kumwamba? Kwathu afika Lachinayi."

"Nanga kupempha amapempha ndi zilembo zofiira?"

"Anthu akuno amakonda utoto. Ndadula, akapitawo akundiyang'ana."

Mtima sunakhale pansi. Bwana anali atangochira chifuwa sabata yatha, ndipo fungo la sopo lokha linkamuyetsemulitsa. Anaimbira achemwali ake, amene anakhala m'dzikomo zaka zisanu ndi ziwiri ndipo ankagwira ntchito pamalo osindikiza zikwangwani, kumene ankamasulira zidziwitso za m'zipatala ndi m'mabasi.

"Wajambula ngati ukuthawa galu," anatero achemwali ataona chithunzicho. "Foniyo yawerenga mzere kuchoka pa pepala ili n'kudumphira pa linalo, yasakaniza ngati zovala m'beseni. Ima kutsogolo kwenikweni. Jambula la mphemvulo lokha, ngodya zonse zinayi zioneke."

"Alamu anu akuti akungopempha."

"Alamu angawo akamasulira moto amati kwafunda. Jambula."

Anajambula mpaka kachitatu, natumiza. Kenako anadikira. Anayenda kukafika pachitseko cha panja n'kubwerera. Panja panaima galimoto yoyera yopanda mawindo kumbuyo, koma m'derali magalimoto oyera ndi ambiri. Anadzifunsa ngati akungovutitsa anthu ali pantchito.

Patapita mphindi khumi chithunzi chinabwera. Linali pepala lomwe lija, mphemvu ili pamalo pake, koma tsopano linkalankhula Chichewa. Pamwamba, mofiira: CHENJEZO. MUSAKHALE M'NYUMBA. Pansi pake panali bokosi la mizere inayi, ndipo achemwali sanasunthe mzere ngakhale umodzi. Wapamwamba unati nsanjika yachinayi, Lolemba, 10 koloko m'mawa. Wapansi unati nsanjika yoyamba, Lachinayi. Kumunsi kwenikweni, m'zilembo zakuda kwambiri: Makanda asabwerere pasanathe maola asanu ndi limodzi. Vindikirani zakudya ndi ziwiya.

Foni inalira.

"Waona? Bokosilo analijambula ngati nyumba yanuyo, apamwamba pamwamba. Alamu anaona masiku okha, manambala a m'mbali sanawaone."

"Ndiye Lachinayi ndi la ndani?"

"La apansi! Iwe ndi lero. Nthawi ili bwanji?"

Panali patatsala mphindi khumi ndi ziwiri kuti 10 koloko ikwane. Chitseko cha panja chinatseguka, ndipo analowa amuna awiri ovala maovololo oyera, zigubu kumsana, limodzi ndi woyang'anira nyumba atanyamula mulu wa makiyi. Anamupatsa moni. Iye anayankha zikomo, n'kuwadutsa pamasitepe akuthamanga, Bwana akudumphadumpha kumsana n'kumaseka.

M'nyumba anakankhira mabotolo a mkaka m'chikwama, anaponya mapoto ndi mbale mufiriji, shuga anamuika muuvuni osadziwa chifukwa chake. Zofunda za mwana anazikulunga n'kuzipanira kukhwapa. Pogogoda amuna aja, iye anali ali pakhomo, phazi lina mu nsapato yake, lina mu ya mwamuna wake.

Atafika panja anakhala pabenchi ya pamalo okwerera basi, kutali ndi mawindo. Anamutsitsa Bwana, namuika khutu pachifuwa. Ankapuma bwinobwino.

"Mwatuluka?" anafunsa achemwali.

"Tatuluka. Koma achemwali, maola asanu ndi limodzi amenewa tiyambe kuwerenga liti, polowa iwo kapena potuluka?"

"Pepalalo silinanene, ndiye inenso sindinena. Kwera basi ubwere kuno, mugona kwathu."