Cheke cha malata a tchalitchi

Ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, ndipo nditapuma ntchito mpingo wathu wa ku Matawale unandisankha kukhala msungichuma. Ankati munthu ngati ine sangalakwitse nambala. Inenso ndinkavomereza.

M'Januwale mphepo inasasula denga la tchalitchi. Komiti inagwirizana kuti tikatape ndalama zogulira malata. Ndinalemba cheke mothamanga, wapampando wathu mayi Juliana Mateyu n'kusaina osawerenga n'komwe, poti walemba ndi mphunzitsi.

Ku banki ndinapeza pa kauntala pali Abigail, mtsikana amene ndinkamukalipira m'kalasi chifukwa chosaonanso ntchito yake asanapereke. Anandilonjera mwaulemu, nayang'ana chekecho nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, deti mwalemba chaka chatha," anatero motsitsa mawu. "Ndiye chikuoneka ngati cheke chakale. Chikapitirira miyezi isanu ndi umodzi sitilipira."

Ndinaseka, n'kunena kuti m'Januwale aliyense dzanja limamuterera.

"Palinso china. M'manambala mwalemba 450,000, koma m'mawu mwalemba fifitini m'malo mwa fifite. Ziwirizi zimayenera kufanana."

Ndinatulutsa cholembera kuti ndikonze pomwepo, koma anandiletsa. Anati pokonzedwa paliponse pamafunika tisainepo tonse awiri, ine ndi mayi Mateyu, ndipo kuli bwino kungolemba china.

Mayi Mateyu amaphika pa malo ena ogona alendo pamwamba pa phiri la Zomba. Ndinakwera njinga yamoto ya hayala, mvula ikuwaza, nkhungu itatseka msewu moti mitengo ya paini sinkaoneka. Ndinafika jekete ili yonyowa. Ndinalemba cheke chatsopano pa tebulo la kukhitchini, kuwerenga deti katatu, mawu katatu. Mayiwo anapukuta manja, nasaina.

"Kodi choyamba chija chatani, abambo?" anafunsa.

"A banki masiku ano achulutsa malamulo," ndinayankha, maso ali pa zenera.

Ndinatsika n'kufika banki itatsala pang'ono kutseka. Ndinapereka chekecho monyadira. Abigail anayendetsa chala pa deti, pa manambala, pa mawu, akugwedeza mutu. Chala chitafika m'munsi chinaima.

"Siginecha ya amayi ilipo. Yanu ili kuti, aphunzitsi?"

Bambo amene anali kumbuyo kwanga anatsokomola kuti abise kuseka. Ndinasaina pomwepo. Abigail anayerekeza ndi siginecha yanga ya pa kompyuta, ndipo anachedwa nayo ndithu mpaka thukuta linandituluka. Kenaka anapempha chiphaso changa, nadinda chekecho.

Lamlungu ndinauza komiti kuti ulendo wa ku banki unayenda bwino. Mayi Mateyu anandiyang'ana, kenaka anafunsa ngati ndalama ya njinga yamoto ibwezedwe ndi mpingo. Ndinati ayi, imeneyo ndi chopereka changa.