Wakhoza Ndiwe

Kusukulu ya unamwino ankamutchula Kabuku, chifukwa m'thumba la yunifolomu yake simunkasowa kabuku kolembamo milingo ya mankhwala. Mnzake wapamtima anali Nsungwi, mtsikana wamtali, wowonda, woseka ndi thupi lonse, amene ankati buku limamupatsa tulo kuposa pilo. Zaka zitatu anagona chipinda chimodzi, ndipo mayeso akayandikira Kabuku ndiye ankafunsa mafunso, Nsungwi n'kumayankha atagona chagada, miyendo ataikweza kukhoma.

Sukulu anamaliza onse awiri. Koma satifiketi ya kusukulu simulola munthu kusamalira wodwala payekha. Pamafunika chiphaso cha bungwe loyang'anira anamwino, ndipo chiphasocho chili ndi mayeso ake: mapepala awiri olemba, ndi gawo lachitatu losonyeza ndi manja. Lachitatulo ndilo linkasowetsa anthu mtendere. Zipinda zisanu ndi zitatu, chilichonse mphindi khumi, belu likalira utuluke ngakhale usanamalize. Woyesa salankhula, amangochonga papepala. Ukagwa gawo limodzi chiphaso palibe, udikire miyezi isanu ndi umodzi udzabwereze gawolo.

Atalemba mayesowo, podikira zotsatira, awiriwa ankathandiza m'wodi ya ana pachipatala china. Ankayeza kutentha kwa thupi, kusintha nsalu za pabedi, kutsuka mabala. Koma mankhwala alionse amene akonza ankayenera kuonedwa ndi namwino wachiphaso, n'kusainira.

Zotsatira zinatuluka Lachinayi m'mawa, cha m'ma teni koloko. Kabuku anali m'kachipinda kosungira nsalu pamene foni inanjenjemera m'thumba. Unali mndandanda wautali wopanda maina, manambala okhaokha. Anaupeza mzere wake, 417. Pepala loyamba, wakhoza. Lachiwiri, wakhoza. Gawo lachitatu, walephera.

Anaika chala pamzerewo n'kuutsata pang'onopang'ono, poganiza kuti mwina diso lalumpha. Silinalumphe. Pansi pake penipeni panali 418, nambala ya Nsungwi, yokhoza katatu konse.

Anakhala pamulu wa mabulangete. Maganizo anathamangira kuchipinda chachisanu ndi chimodzi, kumene kunali chidole cha mwana ndi pepala la dokotala. Mlingo anauwerengera bwino malinga ndi kulemera kwa mwanayo, anakoka mankhwala m'sirinji bwinobwino, koma belu litalira m'pamene anakumbukira kuti sanawerenge dzina pakachibangili ka padzanja, ndiponso sanafunse ngati mwanayo thupi lake limadana ndi mankhwala ena. Zipinda ziwiri zotsalazo analowamo mutu uli m'mbuyo. Kaya n'zimenezo zinamugwetsa, kaya n'zina, mndandandawo sunanene, ndipo panalibe womufunsa.

Atatuluka anapeza Nsungwi atawerama pabedi lachinayi, akunyengerera kamwana kokana madzi. Foni yake inali m'chikwama, itathima. Sankadziwa kanthu. Kabuku anaima kumapazi kwa bedi.

"Iwe, zatuluka," anatero. "Wakhoza. Zonse zitatu."

Nsungwi anaika kapu pansi. "Usandinamize, Kabuku, ndikomoka pompano."

"Ona wekha."

Nsungwi anangoona mzere wake wokha. Anakuwa, n'kumunyamula mnzakeyo mpaka mapazi kuchoka pansi. "Takhoza! Asisitala, takhoza!" Amayi odikirira ana awo anayamba kuwomba m'manja osadziwa n'komwe nkhani yake. Asisitala, mkulu wa wodiyo, anatuluka mu ofesi magalasi ali pamphumi, akumwetulira.

"Ana anga! Nanga uyu wa kabukuyu ndiye sitifunsa n'komwe."

Kabuku anamva nkhope yake ikumwetulira yokha, ngati ya munthu wina.

"Wakhoza ndiwe," anatero chapansipansi. "Ine ndagwa lachitatu."

Nsungwi anaseka kaye, kudikira kuti nthabwalayo ithe. Kenako analanda foni ija. Anayang'ana nthawi yaitali, ndipo misozi imene inayamba ndi chimwemwe inapitirira ndi china.

"Alakwitsa. Asinthanitsa manambala. Ine ndi iwe, wogwa angakhale iwe?"

"Sanalakwitse. Usalire, anthu akuona. Wachita bwino, mnzanga. Ndakunyadira."

Mawuwo anali oona, koma anatuluka owuma ngati owerenga papepala. Ndipo anapezeka kuti iye ndiye akusisita Nsungwi pamsana, kumutonthoza chifukwa chokhoza. Asisitala anatsitsa magalasi n'kunena kuti kugwa kamodzi si kutha kwa ulendo, iwonso ali ndi anzawo amene anabwereza. Kenako anayang'ana wotchi, chifukwa nthawi ya mankhwala inali itakwana.

Masana Nsungwi sanadye ndi Kabuku. Osati mwadala: foni atailumikiza kumagetsi inayamba kulira osaleka, ndipo ankathawira nayo panja kuti mnzake asamve kuseka kwake. Kabuku ankamuona pawindo, akudumpha kuseri kwa thanki ya madzi, ndipo akacheuka n'kuona windolo ankaima chilili ngati wagwidwa akuba. Zimenezo zinamupweteka Kabuku kuposa mndandanda uja. Ankafuna kutsegula windo amuuze kuti dumpha, ndi zako. Ankafunanso kuti thankiyo ikanakhala yaikulu, imubise mnzakeyo asamuone.

Poweruka anapeza amayi ake a Nsungwi akudikira pageti. Anamugwira Kabuku manja onse awiri.

"Mwanawe, ndamva. Pepa. Koma ine ndikudziwa kuti chiphaso cha uyu theka lake ndi lako. Tiye kunyumba, azakhali ake abwera, akufuna akuone."

"Zikomo amayi, koma bambo akundidikira."

"Ndikuperekeze?" anafunsa Nsungwi.

"Lero ndi tsiku lako. Pita."

Bambo ake anawapeza pakhonde akukonza wailesi. Anayang'ana nkhope yake n'kubwezera maso pa sikuludalaiva.

"Nanga mnzako uja?"

"Wakhoza."

"Wamuyamikira?"

"Eya."

"Wachita bwino," anatero, ndipo anapitiriza kupotokola kasikuluwu komwe kanali katalimba kale.

Patapita milungu itatu chiphaso cha Nsungwi chinafika, ndipo chipatala chinamulemba ntchito m'wodi yomweyo. Asisitala anamupatsa makiyi a kabati ya mankhwala kuti azimangirira m'chiuno. Nthabwala zija zinachepa. Nsungwi akafuna kudandaula za ntchito ankayamba, n'kumeza. Tsiku lina anati, "Madzulo ndizibwera ndidzakufunse mafunso," ndipo onse awiri anayang'ana pansi. Kabuku mayankho ankawadziwa onse. Chimene sankadziwa n'chakuti belu likadzaliranso manja ake adzachita chiyani.

Lolemba lina m'mawa asisitala anapita kumsonkhano. Mwana wa pabedi lachisanu ndi chiwiri ankayenera kulandira jakisoni. Kabuku anawerengera mlingo, anakoka mankhwala, anaika sirinji ndi kabotolo m'mbale yachitsulo, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna wachiphaso woti aone. M'wodi monse munali mmodzi yekha.

Nsungwi anatenga cholembera n'kuyamba kusaina osayang'ana m'mbalemo.

"Iwe sungalakwitse."

"Yang'ana," anatero Kabuku.

"Aa, Kabuku, zoona?"

"Yang'anani, anamwino. Dzina lolembedwa pamenepo ndi lanu."

Nsungwi ananyamula kabotolo. Anawerenga dzina la mankhwala, tsiku lothera mphamvu, kulemera kwa mwana, n'kuwerengera chamumtima milomo ikugwedera. Anachedwa, monga ankachedwera kale. Kabuku anaima pambali manja ali kumbuyo, akudziwa yankho, osaloledwa kulinena. Mwana uja anali atayamba kale kulira ataona mbaleyo.