Kalata Yowerenga Ataimirira

Komiti yoona za mwambo pafakitale inali kukumana nthawi ya 11 koloko, koma pofika hafu pasiti naini kalata ya dalaivala inali isanathe.

Mlembi wa pasukulu anali atatseka chitseko cha ofesi yake, maso ali pa kompyuta. Dalaivalayo, mwamuna wa mng'ono wake, anakhala pa mpando wa alendo, chipewa chili pa bondo. Kufakitale anali atamuimitsa ntchito chifukwa tsiku lina m'mawa, atanyamula antchito m'basi ya kampani, anapatuka kuti akasiye kuchipatala mayi wina amene anakomoka pamsewu. Antchito makumi atatu anafika mochedwa, makina akuwadikira. Pafakitalepo panali lamulo lakuti wolakwa alembe kalata, ndipo aiwerenge yekha ataimirira pamaso pa komiti. Akomitiwo ndiwo ankagamula ngati munthu abwerere pantchito kapena ayi.

Dzulo lake dalaivalayo anabweretsa kalata yake yolemba pamanja, ndipo mlembiyo anailembanso mwaluso lake lonse. Koma m'mawawu mwini wake ataiwerenga anapukusa mutu.

"Alamu, kalatayi yavala tayi. Ine tayi ndilibe."

Ananena kuti yauma, ndipo mawu ngati "potengera zomwe zatchulidwa pamwambapa" akamukola pakhosi, anthu n'kudziwa kuti wachita kulemberedwa. Mlembiyo zinamupweteka, pakuti makalata ake ankayamikiridwa ndi ahedi onse amene anagwira nawo ntchito. Mopsa mtima anafufuta mawu onse aulemu, nafupikitsa ziganizo, n'kusindikiza ina. Dalaivalayo anawerenga mzere woyamba: "Mabwana, pepani ndi zija zinachitikazi, mukudziwa mmene zimakhalira pamsewu."

"Iyi ndiye ngati ndikucheza ndi anzanga kugalaja. Akati mwano."

Foni inalira patebulo. Anali mng'ono wake, ndipo aka kanali kachitatu. Mlembiyo sanayankhe. Akanamuuza chiyani, kuti ntchito ya bambo a ana ake ikuthera m'manja mwa mkulu wake? Wotchi inali itadutsa 10 koloko, ndipo kufakitale unali ulendo wa mphindi makumi awiri.

Apa m'pamene anazindikira kuti wakhala akukonza zolemba zake zomwe, osayang'ananso za mwini nkhani. Anaitanitsa pepala la pamanja lija. Dalaivalayo analitulutsa m'thumba la malaya litapindikapindika, ndipo mlembiyo anayala makalata atatuwo pamodzi. Anawayerekeza mzere ndi mzere. Pokometsa mawu, anali atataya mzere wonena kuti dalaivalayo anaimbira foni kapitawo kawiri koma osayankhidwa. M'malo mwake anali ataikamo zakuti "ndinanyalanyaza udindo wanga", mawu amene munthuyo sanalembe n'komwe.

Sanabise. Anamuonetsa malowo ndi chala, napepesa. Kenaka anamuuza kuti aimirire pafupi ndi kabati ya mafayilo, awerenge kalata ya tayi ija mokweza, ngati kuti kabatiyo ndi wapampando.

"Pamene lilime lakana, imani. Musadzikakamize."

Dalaivalayo anawerenga, mlembiyo akulemba chizindikiro ndi pensulo paliponse pamene wapunthwa. Malonje anawadutsa bwinobwino, mawu otsekeranso chimodzimodzi. Anapunthwa malo asanu okha, onse pakati. Ndiye kuti sinali kalata yonse youma ayi. Mlembiyo anasiya chiyambi ndi mathero mmene zinalili. Pa malo asanuwo ankamufunsa kuti akanati chiyani bwana wamkulu atamufunsa maso ndi maso, ndipo zomwe wayankha ndi zomwe ankalemba, n'kungowongola pang'ono. Za foni ziwiri zija anazibwezeramo. Za kunyalanyaza anazichotsa.

Anatsutsana pa mzere umodzi. Dalaivalayo anali atalemba kuti, "Sindikanatha kumusiya pansi mayi uja." Mlembiyo anaopa kuti akomiti aona ngati akudzilungamitsa. Dalaivalayo anati akachotsa pamenepo, bola apite wopanda kalata. Anagwirizana kuti mzerewo ukhale, koma kupepesa chifukwa chochedwetsa ntchito kubwere patsogolo pake.

Dalaivalayo anaiwerenganso yonse osaima. Makina osindikizira anayamba adya pepala limodzi, lachiwiri n'kutuluka bwino. Dalaivalayo anasayina ataimirira, natuluka chothamanga, chipewa atachiiwala pa mpando.

Mlembiyo sanagwire ntchito yolongosoka m'mawa wonsewo. Ahedi atamutuma fayilo ya mayeso, anawapatsa ya tchuthi. Foni inadzalira ana akuweruka.

Anali dalaivala uja, ndipo anati lilime silinakane. Wapampando anafunsa za foni ziwiri zija, kapitawo n'kuvomera kuti anaziona mochedwa. Amupatsa chenjezo lolemba, ndipo makiyi a basi akatenge Lolemba.

"Nanga sanafunse amene walemba?"

"Anafunsa. Ndinati ndine, alamu anangondisitira."

Mlembiyo anatsamira mpando, napuma mozama. Kenaka anamuuza kuti adzatenge chipewa chake asanachiponye m'bini.