Tsamba la Misampha

Mayi Dorica Chimtengo, mphunzitsi wa masamu pasukulu ina yapulayiveti ku Chinsapo, anakhala pa desiki akuchonga mayeso oyeserera a Fomu 4, mutu ukuwawa. Pa funso lakuti log 2 + log 5, pafupifupi ana onse analemba log 7.

Anaitana Hafsah, mtsikana amene sankalakwa masamu wamba.

"Iwenso log 7? Pophatikiza ma log timachulukitsa manambalawo. Ziwiri kuchulukitsa ndi zisanu ndi khumi, ndiye yankho ndi log 10, yomwe ndi 1."

"Koma madamu, zili m'kabuku kanu kobwerezera kaja," anatero Hafsah, n'kukatulutsa m'chikwama.

Mayi Chimtengo anatsegula tsamba lomaliza. Pamenepo anali atasonkhanitsa zolakwa zimene ana amagweramo kawirikawiri, monga log a + log b = log (a + b), pansi pa mutu wakuti "Misampha: musachite izi." Koma makina a fotokope anali atadula mutuwo, ndipo anawo analoweza zolakwazo ngati malamulo.

Mayeso a MSCE anali pafupi. Mayi Chimtengo analowa m'kalasi mokoka miyendo, nauza onse kuti akhwatche tsambalo, kenako anayambanso phunzirolo pabolodi mawu atasasa.

Atamaliza, Ashraf, mnyamata wokhala kumbuyo, anakweza dzanja.

"Madamu, msuweni wanga wa ku Biwi anabwereka kabuku kanga. Kalasi lawo lonse linachititsa fotokope."

Mayi Chimtengo anakhala pansi, napukuta choko m'manja pang'onopang'ono.

"Undipezere nambala ya aphunzitsi awo," anatero. "Lero lomwe, Ashraf."